Kaundula ndi Buku la Chindapusa pa Banki M'khonde

Inu mafumu, ndi inu nonse alimi a kwa Chimaliro m'boma la Thyolo, lero tikambirana za mabuku a banki m'khonde, makamaka kaundula wa anthu obwera kumsonkhano ndi kalembedwe ka chindapusa.

Njira yosungira ndalama imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger m'chaka cha 1991. Anthu amasonkhana sabata iliyonse, nasunga ndalama m'bokosi la maloko atatu, ndipo pakutha pa chaka amagawana. Ndalama za masheya sizivuta kuzitsata, chifukwa aliyense ali ndi kabuku kake kodindamo. Koma chindapusa ndi ndalama zazing'ono zoiwalika msanga, ndipo zimadanitsa anthu pa tsiku logawana.

Poyamba, mlembi apatse munthu aliyense nambala yake imene sidzasintha chaka chonse. Alembe maina motsika kumanzere kwa tsamba, ndipo pamwamba alembe tsiku la msonkhano uliwonse. Nthawi ikakwana, aitane maina mokweza. Wopezekapo amuchonge. Wofika maina ataitanidwa kale amulembere C, ndiye kuti wachedwa. Wotumiza uthenga wa chifukwa chovomerezeka amulembere P, ndiye kuti wapepesa. Wosabwera, osatumizanso mawu, amulembere J, ndiye kuti wajomba. Asasiye malo osalemba, pakuti malo otere munthu angathe kudzazamo tsiku lina mobisa.

Tsono tamvani chitsanzo. Tiyerekeze gulu la anthu 20, limene linapangana kuti wochedwa azilipira K200, wojomba K500. Lachinayi lina anthu 14 afika nthawi yabwino, 3 achedwa, 1 watumiza uthenga wa maliro, 2 ajomba. Mlembi awonkhetse: 14, 3, 1 ndi 2 zikwana 20. Zikapanda kukwana 20, alipo amene wadumphidwa.

Chindapusa cha tsiku limeneli ndi K600 ya ochedwa ndi K1,000 ya ojomba, pamodzi K1,600. Koma owerenga ndalama awiri aja atakhuthula mbale ya chindapusa apezamo K900 yokha. Kodi wina waba? Iyayi. Mwa ochedwa atatu aja, awiri alipira K400, wachitatu wati alibe. Ojomba sangalipire popeza palibe. Ndipo K500 yotsalayo yachokera kwa mayi amene anajomba sabata yatha.

Nchifukwa chake tsamba la chindapusa likhale ndi mizere iwiri yosiyana: wina wa chindapusa chimene munthu wagamulidwa, wina wa chimene walipira, ndi tsiku lake. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chindapusa cholembedwa koma chosalipiridwa ndi ngongole chabe, ndipo chisawerengedwe ngati chili m'bokosi. Mlembi atenge ngongole ya sabata yatha, K500, awonjeze K1,600 ya lero, achotse K900 ya m'mbale. Yatsala K1,200, ndipo eni ake akudziwika: wochedwa mmodzi K200, ojomba awiri K500 aliyense. Awerenge zimenezi mokweza anthu asanabalalike, K900 ija iphatikizidwe ku ndalama zobwereketsa, ndipo buku lilowe m'bokosi lisanatsekedwe.

Pali vuto limodzi la kuno kwathu. Nyengo ya mvula tiyi amaphuka kwambiri, ndipo othyola tiyi m'maesiteti amaweruka mochedwa. Kodi wochedwa chifukwa cha ntchito alipire? Buku silingayankhe funso limeneli. Gulu ligwirizane pachiyambi pa chaka, lilembe m'malamulo ake zifukwa zimene lidzavomera, monga matenda ndi maliro, ndipo ngati ambiri ali pantchito, lisinthe ola la msonkhano. Mlembi asakhululukire munthu payekha. Wapampando ndi mlembi akachedwa, nawonso alembedwe C.

Inu mafumu, mlandu wotere ukafika pabwalo panu, itanitsani malamulo a gulu ndi buku lomwe. Onani ngati chindapusa chilichonse chili ndi C kapena J wake m'kaundula pa tsiku lomwelo. Chindapusa chopanda chizindikiro nchokayikitsa, ndipo J wopanda chindapusa asonyeza kukondera. Onaninso ngati masamba ali ndi manambala otsatana, kuti mudziwe ngati lina lang'ambidwa. Buku lilembedwe ndi bolopeni, osati pensulo. Polakwika asafufute, koma adule ndi mzere umodzi, alembe cholondola pambali, wapampando asaine pamaso pa onse.

Pomaliza, sabata zingapo tsiku logawana lisanafike, mlembi awerenge maina a onse otsala ndi ngongole ya chindapusa, kuti alipire, kapena ichotsedwe pa gawo lawo monga malamulo a gulu anenera.