Chala chaching'ono chimaulula gwero la dzanzi

Mayi wosoka zovala amadzidzimuka pakati pa usiku dzanja lamanja litachita dzanzi. Akalikutumula, limamasuka. Mufunseni zala zimene zavuta: chachikulu, cholozera, chapakati ndi theka la chovala mphete. Chaching'ono chili bwinobwino.

Ameneyu vuto lake lili pamfundo ya dzanja. Pamenepo pali kanjira kopapatiza, madokotala amati kapo tanelo, momwe mumadutsa mtsempha wopereka mphamvu yokhudza ku zala zimenezi. Munthu akagona amapinda dzanja osadziwa, mtsemphawo n'kupanikizika. Chothandiza choyamba n'chomangira chogwira dzanja mowongoka usiku wonse kwa milungu ingapo. Koma mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu ukayamba kuphwa, musazengereze, pangafunike opaleshoni.

Dzanzi likakhala ku chala chaching'ono, mtsempha wapanikizika ndi wina, kawirikawiri pachigongono.

Matenda a shuga ndi kuchepa kwa vitamini B12 zimabwera mosiyana: zimagwira mbali zonse ziwiri, nthawi zambiri kuyambira kumapazi, ndipo kukutumula sikuthandiza. Apa pafunika kuyezetsa magazi, makamaka kwa amene akhala pa metifomini zaka zambiri, chifukwa mankhwalawa amachepetsa B12.