Chifukwa chake haibulidi wobwezera satengera kholo

Alangizi amaletsa kubzala chimanga cha haibulidi chotapa m'nkhokwe. Mlimi akakakamira, munda umasokonekera: mapesi ena ataliatali, ena aafupi, zisononkho zina zazikulu, zina zonyozoka. Gwero la kusiyanaku ndi meyosisi, kugawikana kwa maselo kumene kumapanga mungu m'ngayaye ndi timazira m'chisononkho.

Selo ya chimanga ili ndi makromozomu 20, timaulusi tonyamula majini. Amakhala awiriawiri, magulu 10, ndipo pagulu lililonse imodzi ndi yochokera kwa kholo lachimuna, inayo kwa lachikazi. Mungu umatenga 10 okha, imodzi pagulu lililonse. Haibulidi amachokera kwa makolo awiri osiyana kwambiri, choncho kasankhidweka kali ndi mphamvu.

Magulu aja akandanda pakati pa selo kuti apatukane, lililonse limatembenuka palokha, osalabadira linzake. Mungu umodzi ungatenge kromozomu yoyamba ya kuchimuna, yachiwiri ya kuchikazi, pomwe wina watenga mosemphana. Njira ziwiri pagulu lililonse, magulu 10, zimapereka mitundu 1,024 ya mungu. Kwa munthu, amene ali ndi magulu 23, chiwerengerochi ndi 8,388,608.

Komatu kusakaniza kumayamba izi zisanachitike. Makromozomu a gulu limodzi amayamba agundizana m'litali mwawo monse, amaduka pamalo ofanana, kenaka n'kusinthana zidutswa. Yotulukapo imakhala ya zigamba: kumutu ya kholo lina, kumchira ya linzake.

Umboni wa kusinthanaku unapezeka pa chimanga chomwechi. Mu 1931, pa yunivesite ya Cornell ku America, Harriet Creighton ndi Barbara McClintock anagwiritsa ntchito kromozomu nambala 9 yokhala ndi zizindikiro ziwiri zooneka pa maikulosikopu: kamfundo mbali ina, kachidutswa kowonjezera mbali inayo. Pakati pa zizindikirozi panali jini ya mtundu wa njere ndi ina ya mtundu wa ufa wam'kati mwake. Pamene makhalidwe awiriwa anaphatikizana mwachilendo, anapezanso kuti kamfundo ndi kachidutswa kaja zasiyana malo, chilichonse pa kromozomu yakeyake. Zidutswa zinalidi zitasinthana.

Kusakanizaku kuli ndi malire. Meyosisi sipanga majini atsopano, imangosanjanso omwe alipo kale. Majini oyandikana kwambiri pa kromozomu imodzi sasiyana kawirikawiri, n'chifukwa chake akatswiri opanga mbewu amavutika kulekanitsa khalidwe labwino ndi loipa lomwe lamamatirana nalo.

Mbewu ya m'paketi imafanana chifukwa kholo lililonse lidaberekedwa lokhalokha kwa mibadwo ingapo, mpaka makromozomu a gulu lililonse adafanana, moti kusinthana sikusintha kanthu. Koma m'munda mwa mlimi, haibulidiyo akamasula, mungu uliwonse ndi dzira lililonse zimanyamula msakanizo wakewake. Njere za chisononkho chimodzi zimakhala pachibale, koma iliyonse ili ndi majini akeake, ndipo zokolola zimatsika.