Laibulale si yongobwerekako mabuku

Lolemba lapitali ndinakalankhula pa asembule pa sukulu ina ya sekondale. Pondilandira, ahedi anauza ophunzira kuti, "Awa ndi amayi obwereketsa mabuku aja." Mawuwo anandiwawa, chifukwa maganizo amenewa ndi amene amachititsa kuti malaibulale a m'sukulu zathu azikhala okiya mpaka mayeso a MANEB atayandikira. Kubwereketsa ndi kantchito kochepa. Ntchito yathu yeniyeni ndi kuphunzitsa munthu kupeza yankho, ndiponso kudziwa ngati yankholo n'lodalirika.

Anawo ndinawafunsa kuti, "Nankafumbwe akalowa m'chimanga kwanu, mungayambire pati kufufuza?" Mtsikana wina wa Fomu 3 anati angafunse aphunzitsi a zaulimi. Ndi bwino ndithu, koma nanga pa holide?

Mabuku sitimangowaunjika. Ambirife timatsata ndondomeko ya Dewey, imene Melvil Dewey anaitulutsa mu 1876. Imagawa nzeru zonse m'magulu khumi, ndipo buku lililonse limalandira nambala imene timaimata pamsana pake. Sayansi ili pa 500, zaulimi pa 630, mbiri ndi za malo pa 900. Choncho mtsikana uja apite pa 630, asolole buku, koma asaliwerenge lonse. Atsegule kumapeto, pa indekisi, kumene mitu yonse yandandalikidwa motsata alifabeti pamodzi ndi masamba ake. Mwana wodziwa zimenezi sasochera mulaibulale iliyonse yotsata ndondomekoyi, ngakhale ataiona koyamba.

Chimene ndinachedwa nacho kwambiri ndi chaka. Kuseri kwa tsamba la mutu kumakhala chaka chimene bukulo linasindikizidwa, ndipo ophunzira ambiri sayang'anako n'komwe. Ndinawaonetsa atilasi yakale yothothoka chikuto, yonena kuti likulu la Malawi ndi Zomba. Onse anaseka. Koma bukulo silinaname, linangosindikizidwa likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Pa za likulu tonse timazindikira msanga. Nanga likakhala buku la mankhwala othira m'chimanga, amene ena analetsedwa kalekale? Apa m'pamene woyang'anira laibulale amauza mwana kuti aone buku lachiwiri, kenako akafunsenso alangizi. Mwana wozolowera kufunsa kuti walemba ndani ndipo analemba liti sapusitsidwanso msanga ndi mauthenga a pa WhatsApp.

Palinso mabuku a lefelensi, kutanthauza osatuluka nawo, monga madikishonale ndi maatilasi. Sitikukumanani, timangofuna kuti aliyense awapeze akawafuna. Onjezanipo nyuzipepala, mapepala a mayeso akale, ndi tebulo lachete kwa mwana amene kwawo kulibe malo owerengera.

Ndikudziwa kuti sukulu zambiri zilibe wophunzira ntchitoyi, ndipo makiyi amasunga mphunzitsi wotanganidwa kale. Komabe mwina mungayambe ndi ola limodzi pa sabata kalasi iliyonse, mwana aliyense atanyamula funso lake. Ahedi, chonde tsegulani chitseko chimenecho teremu ino.