NKHOPE ZOBWEREKA: M'MENE MAKANEMA ABODZA AMAPANGIDWIRA

Nkhani yolankhulidwa pa wailesi kwa ophunzira a m'sukulu za sekondale

Pa 16 Malichi 2022, patangopita milungu pafupifupi itatu chiyambire nkhondo ya Russia ndi Ukraine, panatuluka kanema wodabwitsa. M'kanemayo munali mtsogoleri wa dziko la Ukraine, a Volodymyr Zelensky, ataima pa gome lolankhulirapo, akuuza asilikali awo kuti atule zida pansi ndi kubwerera kumakwawo. Nkhope inali yawo, koma mauwo sanawanene iwo. Adani anachita kupanga kanemayo ndi kompyuta, nakamuika pa tsamba la pa intaneti la wailesi yakanema ya Ukraine 24, limene analithyola mwakuba.

Makanema a mtundu umenewu anayamba kumveka m'chaka cha 2017, pamene munthu wina wodzitcha "deepfakes" pa tsamba la Reddit anayamba kuika nkhope za akatswiri a mafilimu pa matupi a anthu ena. Wophunzira wofuna kusapusitsidwa ayenera kuyamba wadziŵa m'mene ntchitoyi imagwiridwira, pakuti zofooka za kanema wabodza zimachokera m'kapangidwe kake.

Wopanga kanemayo amafuna anthu aŵiri. Woyamba ndi mwini nkhope, ndipo wachiŵiri ndi wochita seŵero, amene adzabwereketsa thupi lake. Amasonkhanitsa zithunzi zikwizikwi za nkhope ya aliyense wa iwo, zodulidwa kuchokera m'makanema: akuseka, atakwiya, akuyang'ana kumwamba, ali padzuŵa, ali mumthunzi. Zonsezi amazipereka kwa pulogalamu ya kompyuta imene ili ndi zigawo zitatu.

Zigawo zimenezi zingafanizidwe ndi ophunzira atatu a m'kalasi imodzi. Woyamba ndi mlembi. Iye akapatsidwa chithunzi cha nkhope iliyonse, amalemba mwachidule zimene nkhopeyo ikuchita: mutu wapendekera mbali iti, kamwa latseguka motani, maso akuyang'ana kuti, kuŵala kukuchokera kuti. Aŵiri enawo ndi amisiri ojambula. Wina anaphunzira kujambula mwini nkhope yekha, mnzake anaphunzira kujambula woseŵera yekha, ndipo onse aŵiri amajambula potsata zolemba za mlembi uja. Poyamba amajambula zosaoneka mutu wake. Kompyuta imayerekeza chojambulacho ndi chithunzi chenicheni, nikonza polakwika, nibwerezanso kambirimbiri, usana ndi usiku, kwa masiku kapena milungu, mpaka nkhope zitayamba kufanana ndi eniake.

Chinyengo chimaloŵa apa. Woseŵera amajambulidwa akulankhula, mlembi nalemba zimene nkhope yake ikuchita, koma zolembazo zimapatsidwa kwa mmisiri wa mwini nkhope. Mmisiriyo sadziŵa kujambula munthu wina, choncho amatulutsa nkhope ya mwiniyo ikumwetulira, kuphethira ndi kutsegula kamwa monga anachitira woseŵera. Nkhope yatsopanoyo imamatidwa pa mutu wa woseŵera. Popeza kanema ndi zithunzi zotsatizana, kaŵirikaŵiri 25 kapena 30 pa sekondi iliyonse, kumatako kumachitika pa chithunzi chilichonse pachokha. Kanema wa mphindi imodzi amafuna nkhope zomata zosachepera 1,500. Pomaliza, m'mphepete mwa nkhopeyo mumasalazidwa ndipo mtundu wa khungu umafananitsidwa. Mau amapangidwa padera, mwina ndi munthu woyeserera, mwina ndi pulogalamu ina imene inaphunzira kalankhulidwe ka mwiniyo.

Chifukwa chakuti nkhope ndi yomata, zizindikiro zimapezeka pamene chigamba chakumana ndi nsalu: pachibwano, pakhosi, m'mbali mwa makutu ndi pamene payambira tsitsi. Kanema wa a Zelensky anagwidwa motero. Mutu unkaoneka waukulu poyerekeza ndi thupi, khungu la kumaso linkasiyana ndi la pakhosi, thupi linangoti chilili osagwedezeka, ndipo mau sankamveka ngati awo. Nkhope yomata imavutikanso munthu akatembenuka kuti aoneke cham'mbali, kapena dzanja likadutsa kumaso, pakuti zithunzi zoterozo zimakhala zochepa pa zimene kompyuta inaphunzirapo. Pamenepo nkhope imanjenjemera kapena kusungunuka kwa kanthaŵi.

Komabe maso paokha sakwanira. M'chaka cha 2018 akatswiri a pa Yunivesite ya Albany ku Amereka anaona kuti nkhope zabodza sizinkaphethira monga anthu enieni. Opanga makanema atamva, anakonza vutolo msangamsanga, ndipo chizindikirocho chinatha ntchito. M'chaka cha 2021, pa TikTok panaoneka makanema a katswiri wa mafilimu Tom Cruise akuseŵera gofu ndi kuchita zamatsenga ndi ndalama yachitsulo. Anthu miyandamiyanda anawaonera, ambiri osazindikira kuti thupi ndi mau zinali za woseŵera Miles Fisher, ndipo nkhope inamatidwa ndi Chris Ume wa ku Belgium, amene anathera milungu yambiri pa ntchitoyo. Masiku ano kulinso mapulogalamu a pafoni amene amasintha nkhope pogwiritsa ntchito chithunzi chimodzi chokha. Ndiponso kanema akamatumizidwa pa WhatsApp amachepetsedwa kukula, nayamba kuoneka mwachimbuuzi, kotero kuti zilema za m'mphepete zija zimabisika.

Tsono funso loyamba la wophunzira wanzeru likhale lakuti: kodi kanemayu wachokera kuti? Chimene chinathetsa bodza la ku Ukraine ndi chakuti tsiku lomwelo a Zelensky anatulutsa kanema wawo pa masamba awo odziŵika, nakana kuti sananene zotula zida. Wailesi ija inalengeza kuti inathyoledwa, ndipo Facebook ndi YouTube zinachotsa kanemayo. Mtsogoleri akanenadi mau aakulu, mawailesi ndi manyuzipepala angapo amafalitsa nkhaniyo, ndipo pamapezeka makanema ena a chochitika chomwecho ojambulidwa mbali zina. Kanema amene akupezeka m'gulu limodzi lokha la pafoni, wopanda tsiku, malo kapena dzina la wojambula, ngwokayikitsa. Wophunzira akhozanso kuimitsa kanemayo, kujambula chimene chikuoneka pafoni, ndi kuchifufuza ndi Google Lens. Nthaŵi zina kutero kumavumbula kanema wakale amene thupi linatengedwako.

Zimenezi sizikhudza atsogoleri okha. Mwachitsanzo, wophunzira angaimbiridwe foni ya kanema, naona nkhope ya amalume ake amene amagwira ntchito ku Joni, akunena kuti agwa m'vuto ndipo amayi atumize ndalama lero lomwe pa nambala yachilendo. Iye angawapemphe mwaulemu kuti atembenukire kumbali kapena adutsitse dzanja kumaso, koma ngakhale nkhope itapanda kugwedezeka, umenewo si umboni wokwanira. Choyenera ndi kudula foniyo, kuimbira amalumewo pa nambala imene banja likuidziŵa kale, ndi kufunsa chinthu chimene a pabanja okha angayankhe. Wonyenga amadalira changu ndi mantha, nchifukwa chake amakakamiza kuti zonse zichitike pompo.

Chimodzimodzinso chithunzi chochititsa manyazi cha mnzake wa m'kalasi chikafika pafoni ya wophunzira. Nkhope ingakhale yotengedwa pa chithunzi cha tsiku la chisangalalo, thupi lili la munthu wina. Wochitumiza kwa ena wathandiza wopangayo kuwononga mbiri ya munthu wosalakwa. Koma wokauza mphunzitsi kapena kholo, osachitumiza kwina, waimitsa bodzalo pakhomo pake.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kanema akautsa mkwiyo, mantha kapena chilakolako chouza ena msanga, imeneyo ndiyo nthaŵi yoika foni pansi ndi kuyamba wafufuza kumene wachokera.