Fayilo Yokhoma: Chifukwa Chake Ngakhale Katswiri Amangoiyang'ana

M'mashopu osindikiza mapepala ndi kukonza makompyuta mumafika anthu atanyamula fulashi, nkhope zili zodandaula. Wina anakhoma lipoti lake ndi pasiwedi chaka chatha ndipo wayiiwala. Wina wapeza fayilo pa kompyuta ya malemu bambo ake, dzina lake likusonyeza kuti muli za malo ndi nyumba, koma akaidina pakutuluka kabokosi kofunsa pasiwedi. Pempho limakhala limodzi: «Achimwene, tangondichotserani chimenechi.» Mnyamata wa pashopu akapukusa mutu, kasitomala amachoka akuganiza kuti wakumana ndi munthu wosadziwa ntchito. Nthawi zambiri mnyamatayo amakhala akunena zoona.

Vuto limayambira pa mmene timaganizira za pasiwedi. Ambiri amaiona ngati loko wa pachitseko: katundu ali m'nyumba bwinobwino, ndipo kiyi akatayika, kalipentala amangothyola loko n'kulowa. Fayilo yokhomedwa bwino siili choncho. Munthu akaika pasiwedi pa chikalata cha Word kapena cha PDF, pulogalamuyo imatenga zilembo zonse za m'chikalatamo n'kuzisakaniza ndi masamu, mpaka kutsala manambala opanda mutu ndi mchira. Palibe chitseko choti n'kuthyola, chifukwa kuseri kwake kulibe chikalata chowerengeka. Mawuwo amabwereranso pokhapokha masamuwo atayendetsedwa chobwerera, ndipo chowayendetsa ndi pasiwediyo.

Aliyense amene ali ndi kompyuta angathe kudzionera yekha. Fayilo ya Word yothera ndi .docx kwenikweni ndi thumba la mafayilo ang'onoang'ono. Munthu akaikopera n'kusintha mathero a dzina lake kukhala .zip, imatseguka ngati foda, ndipo mkati muli kafayilo kotchedwa word/document.xml komwe mawu onse a chikalatacho akuoneka. Tsopano akhome chikalata chomwecho podutsa pa File, Info, Protect Document, kenako Encrypt with Password, asunge, n'kuyesanso njira ija. Windows imakana, imati thumbalo ndi lowonongeka. Akaitsegula ndi pulogalamu ya 7-Zip, kafayilo ka mawu kaja sakapeza. M'malo mwake muli chimtolo chimodzi chotchedwa EncryptedPackage, ndi kena kakang'ono kotchedwa EncryptionInfo kofotokoza masamu amene anagwiritsidwa ntchito. Pasiwediyo simo. Sinasungidwe paliponse m'fayilomo.

Masamu osakanizawo amatchedwa AES. Anawapanga akatswiri awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen, ndipo boma la Amereka linawavomereza mu 2001 atapambana mpikisano wa njira zobisira zinthu. Word inayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2007. AES sagwira ntchito ndi pasiwedi mwachindunji. Amafuna kiyi, nambala yaitali kwambiri, ndipo kiyiyo imafulidwa kuchokera ku pasiwedi. Word yamakono imatenga pasiwedi, n'kuiphatikiza ndi manambala ongotola mwachisawawa amene akatswiri amawatcha mchere, kenako n'kuipera m'chigayo cha masamu maulendo 100,000. Mcherewo umachititsa kuti anthu awiri amene asankha pasiwedi yofanana asakhale ndi kiyi yofanana. Kupera kambirimbiriko ndi dala. Mwini fayilo sazindikira n'komwe, chifukwa amadikira kanthawi kosakwana sekondi, koma wakuba amene akufuna kuyesa mapasiwedi mamiliyoni ayenera kupera maulendo 100,000 pa pasiwedi iliyonse.

Ndiye munthu akalemba pasiwedi m'kabokosi kaja, kompyuta siikuyerekeza ndi ina imene inasunga. Ikufula kiyi kuchokera ku zimene walembazo n'kuyesa ngati kiyiyo ikumasula kachidutswa koyesera kamene kali m'fayilomo. Akaphonya chilembo chimodzi, kapena kulemba chaching'ono pamene panali chachikulu, kiyi imene ikutuluka imakhala ina kotheratu. Palibe zoti wayandikira, ndipo fayilo simasuka theka. N'chifukwa chake kampani ya Microsoft imachenjeza m'kabokosi komweko kuti pasiwedi ikatayika siingabwezedwe. Pasiwedi ya imelo kapena ya Facebook imasinthika chifukwa kampaniyo ndiyo ikusunga chitseko ndipo ingathe kukutsegulirani mutaitsimikizira kuti ndinu mwini. Fayilo ilibe woisunga woteroyo. Mabungwe ena aakulu amakonzeratu kiyi yachiwiri ya ofesi, koma zimenezi ziyenera kuchitika fayilo isanakhomedwe.

Njira yokhayo yotsala kwa wopanda pasiwedi ndi kulota, ndipo mapulogalamu onse otsatsidwa kuti amatsegula mafayilo amachita zomwezo: kuyesa imodziimodzi mothamanga. Apa m'pamene kutalika kwa pasiwedi kumaonekera mphamvu. Tiyerekeze kompyuta yoyesa mapasiwedi 10,000 pa sekondi. Pasiwedi ya manambala anayi imagwa m'sekondi imodzi. Tsiku lobadwa, limene anthu ambiri amalikonda, silipirira ngakhale masekondi anayi, popeza zaka 100 zili ndi masiku pafupifupi 36,500 okha. Zilembo zing'onozing'ono zisanu ndi chimodzi zingasanjidwe m'njira 308,915,776, zomwe kompyutayo ingamalize m'maola osakwana 9. Koma zilembo 12 zosankhidwa mwachisawawa zingaitengere zaka zoposa 300,000. Mawu oti mwachisawawa ndi ofunika, chifukwa mapulogalamuwa amayamba ndi mayina a anthu, a matimu a mpira, ndi mawu a m'dikishonale okhala ndi 123 kumapeto.

Si akuba okha amene amalephera. Mu 2008 apolisi a ku Brazil analanda zosungira za kompyuta m'nyumba ya Daniel Dantas, mkulu wa banki amene ankamufufuza pa nkhani za ndalama. Zinali zokhomedwa, mwa zina ndi pulogalamu yaulere ya TrueCrypt. Akatswiri a boma la Brazil atalephera, anazitumiza ku FBI ku Amereka, ndipo mu 2010 zinamveka kuti nawonso anayesa pafupifupi chaka chathunthu osaphula kanthu.

Nanga bwanji pali anthu amene amalumbira kuti mnyamata wina anawatsegulira fayilo m'mphindi zisanu? Sakunama, koma maloko ena ndi a dzina lokha. PDF imalola mapasiwedi amitundu iwiri. Ina ndi yotsegulira, ndipo popanda iyo palibe chowerengeka. Inayo imangoletsa kusindikiza, kukopera kapena kusintha, pamene chikalatacho chikutseguka kwa aliyense. Yachiwiriyi ili ngati chikwangwani cholembedwa kuti musadutse apa: pulogalamu yaulemu imamvera, ina imangodutsa. Chimodzimodzi Protect Sheet ya mu Excel, imene ntchito yake ndi kuteteza kuti wina asafufute masamu mwangozi, osati kubisa malipiro a antchito. Kusiyanitsa n'kosavuta. Ngati mawu akuoneka pasikirini munthu asanalembe pasiwedi, ndiye kuti sanabisidwe. Palinso mafayilo akale a .doc a nthawi ya Word 97 mpaka 2003, amene ankakhomedwa ndi kiyi yaifupi kwambiri moti makompyuta a lero amatha kuyesa makiyi onse n'kupeza yoyenera. Mafayilo a ZIP nawo ali ndi kachilema kawo: ngakhale zam'kati zitakhomedwa, mayina a mafayilo amaonekabe, ndipo dzina ngati kalata yochotsa ntchito wakutiwakuti laulula kale nkhani yonse.

Kukhoma kwenikweni kuli ndi zotsatira zina zimene zimadabwitsa anthu m'maofesi. Fayilo yoteroyo ikatumizidwa pa imelo, kachithunzi kosonyeza zam'kati sikaoneka. Kufufuza liwu pa kompyuta sikuipeza. Malo a pa intaneti olandirira makalata ofunsira ntchito kapena sukulu kawirikawiri amaikana, chifukwa makina awo sangaiwerenge. Ngakhale pulogalamu yosaka mavairasi imaima panja, ndipo achinyengo amadziwa zimenezi: amatumiza ZIP yokhoma, pasiwedi n'kuilemba mu uthenga womwewo, kuti wolandirayo atsegule yekha chimene mlonda sanathe kuchiona.

Kuchotsa chitetezo, kumene anthu amapempha pashopu paja, kwenikweni ndi kulemba fayiloyo kachiwiri ili yomasuka, ndipo kumatheka kokha kwa amene waitsegula kale. Mu Word, mwini amatsegula ndi pasiwedi yake, n'kubwerera pa Encrypt with Password, kufufuta timadontho tonse m'kabokosimo, kudina OK, kenako kusunga. Ambiri amaiwala kusungako, ndipo amatumiza fayilo ikadali yokhoma. Pa PDF, monga sitetimenti ya ku banki, njira yachidule ndi kuitsegula mu Chrome, kulemba pasiwedi, kusankha Print kenako Save as PDF. Ozolowera kulemba malamulo pa kompyuta amagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya qpdf:

```
qpdf --password=PASIWEDI --decrypt yokhoma.pdf yomasuka.pdf
```

Lamuloli nalonso likufuna pasiwedi. Malo a pa intaneti olonjeza kumasula PDF amafunsanso yomweyo, ndipo munthu amakhala wapereka sitetimenti yake pamodzi ndi kiyi kwa anthu osawadziwa.

Pali mbali ina imene ngakhale akatswiri inawapunthwitsa. Pasiwedi imamatirira ku kope lililonse la fayilo palokha. Mwini akasintha pasiwedi pa kope lake, makope amene anatumiza kale amatsegukabe ndi yakale ija, ndipo palibe njira yowaitanitsa. Mu 2010 Julian Assange wa WikiLeaks anapatsa mtolankhani David Leigh wa nyuzipepala ya Guardian pasiwedi yaitali ya fayilo yokhala ndi makalata achinsinsi 251,287 a akazembe a Amereka. Kumapeto kwa chaka chomwecho makope a fayiloyo anafalikira pa intaneti, koma kwa miyezi ingapo anthu amene anali nawo sankatha kuwerenga kanthu. Mu Febuluwale 2011 Leigh ndi mnzake Luke Harding anatulutsa buku lonena za WikiLeaks, ndipo pasiwediyo anaisindikiza m'bukumo. Leigh anati anauzidwa kuti inali yakanthawi chabe. Pofika mu Ogasiti anthu anali atalumikiza fayilo ija ndi pasiwedi ya m'buku, ndipo kumayambiriro kwa Seputembala makalata onse anali poyera, osafufutidwa mayina a anthu amene ankalankhula ndi akazembewo mwachinsinsi. Mbali ziwirizo zinalozana chala kwa nthawi yaitali. Masamu a fayiloyo sanathyoledwe ndi aliyense. Inatsegulidwa ndi pasiwedi yake yomwe, imene inali pa mashelefu a m'masitolo a mabuku kwa miyezi isanu ndi umodzi.