Kukumba mjigo kumatha, kuusamala sikutha

Ngati mwangolowa kumene m'gulu loyendetsa pulojekiti, mudzamva anzanu akusiyanitsa ntchito ya pulojekiti ndi ntchito ya masiku onse. Kusiyana kwake kumaoneka bwino pa mjigo wa m'mudzi.

Kukumba mjigo ndi pulojekiti. Pali tsiku loyamba, tsiku lomaliza, bajeti yake ndi chinthu chimodzi choti chioneke pamapeto: madzi abwino akutuluka pampopi. Akatswiri amayamba apima malo, kontilakitala n'kubwera ndi makina kudzaboola. Kenako amatsitsa mapaipi, kuyesa kuchuluka ndi ukhondo wa madzi, kuwaka simenti, n'kumanga pampu ya Afridev. Gawo lililonse limadikira linzake, choncho mukachedwetsa chimodzi mwachedwetsa zonse. Ngati malo sanapimidwe mpaka mvula yayamba mu Novembala, galimoto ya makina imatitimira m'matope, ndipo madzi opezeka m'dzinja angakupusitseni, mjigo n'kudzaphwa m'chilimwe.

Komanso malo alionse ali ndi zakezake. Mutha kuboola mamita 40 osapeza madzi okwanira. N'chifukwa chake bajeti yabwino imasiya ndalama yapadera ya zadzidzidzi.

Tsono amfumu akakupezani pamalopo n'kupempha kuti muwonjezere pochapira zovala, musavomere nokha, ngakhale pempholo ndi lomveka. Simenti ndi masiku owonjezerawo sizili m'pangano. Lembani pempholo, mukapereke kwa mkulu wa pulojekiti kuti aone mtengo wake. Mapulojekiti ambiri ndalama zimawathera panjira chifukwa cha timalonjezo totere.

Ntchito ya masiku onse imayamba tsiku lopereka mjigo kwa eni mudzi, ndipo ilibe tsiku lomaliza. Komiti ya mjigo imasesa pamalopo, imatolera zopereka mwezi ndi mwezi, imamanga mabawuti akakhwefuka, imasintha timipira ta m'pampu tikaperepeseka. Pano chofunika n'chakuti lero lifanane ndi dzulo. Mayi akapopa nthawi yaitali madzi asanatuluke m'mawa, kapena chogwirira chikayamba kugwedera, ndiye kuti china chatha, ndipo chikakanika komiti, aitane makaniko wa m'deralo.

Pamene zinthu zimaonongeka kwambiri ndi pamalire a ntchito ziwirizi. Gulu la pulojekiti limasangalala pa mwambo wopereka mjigo n'kubalalika, bajeti n'kutsekedwa. Ngati komiti sinaphunzitsidwe, sinapatsidwe sipanala, ndipo sikudziwa kogula zipangizo, kampira kotsika mtengo kadzaimitsa mjigo wa ndalama zankhaninkhani, anthu n'kubwerera kudambo. Ine ndimaona kuti pulojekiti yotere sinathe, ngakhale malipoti ake atasainidwa.

Choncho sabata yanu yoyamba funsani mkulu wanu kuti ntchitoyi itha liti, chomwe mukapereke n'chiyani, ndipo adzachisamale ndani inu mukachoka. Funso lomalizali likasowa yankho, likumbutseni pamsonkhano uliwonse mpaka dzina la munthuyo lilembedwe.