Kukula kwa kachilombo si muyeso wa ululu wake

Mnyamata wa zaka 6 anafika ku chipatala chathu ali kumbuyo kwa agogo ake, dovu likuchucha, miyendo ikungophiriphitha. Chinkhanira chinamuluma madzulo akutola nkhuni, koma anabwera naye usiku utapita kale. Nditafunsa chimene anachedwera, agogowo anati, "Adokotala, kanali kakang'ono, timanja take tosaoneka n'komwe. Tinkati kasiya kokha." Mwanayo anachira, koma mawu amenewa amandipweteka mtima, chifukwa ndawamva kambirimbiri. Anthu amayesa kuopsa kwa kachilombo poona kukula kwake, ndipo muyeso umenewu ndi wabodza.

Tiyambe ndi akangaude. Chikangaude chamiyendo italiitali chimene chimalowa m'nyumba mvula ikayandikira, ndi china chophwatalala chija chimathamanga cham'mbali pakhoma, anthu amazithamangitsa ndi nsapato ngati mdani. Ntchito yawo ndi kudya mphemvu ndi tizilombo tina. Wachikasu woluka ukonde waukulu wozungulira pakati pa mitengo nayenso alibe mlandu. Ngakhale waubweya wokhala kudzenje uja, akaluma zimawawa ndithu, koma sapha munthu.

Amene ine ndimamuopa ndi wamng'ono, wa mimba yobulungira ngati nsawawa, miyendo yowonda yosalala. Ife timamutcha Latrodectus. Ukonde wake ndi wosokonekera, wopanda dongosolo, ndipo amaumanga malo obisika: pansi pa mpando, m'makona a chimbudzi, m'chidebe chakale, pa mulu wa njerwa. Wofiirira, amene amapezeka kwambiri pafupi ndi nyumba, ali ndi chizindikiro chofiira kunsi kwa mimba, chopyapyala pakati, ndipo timatumba ta mazira ake ndi toyera, taminga timinga. Mukaona timatumba totere, dziwani kuti mwini wake ali pomwepo. Wakuda, wa banga kapena mzere wofiira kumsana, ndiye woopsa kuposa mnzakeyo. Poizoni wake ndi wa gulu la nyurotokisini, kutanthauza kuti amagwira mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi. Pamene waluma sipaoneka chilonda chenicheni, koma pasanathe ola ululu umakwera, minofu ya pamimba ndi pachifuwa imakokana, thukuta n'kumangotuluka. Wolumidwa ndi ameneyu ndi wa kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Ndinenenso ichi: zilonda zambiri zimene anthu amabwera nazo akuti "kangaude wandiluma ndili mtulo" zimakhala zithupsa kapena mashingozi. Alipo akangaude ang'onoang'ono amene kuluma kwawo kumaoletsa khungu pang'onopang'ono, koma si kawirikawiri. Chilonda chikamada pakati kapena kukula tsiku ndi tsiku, kachionetseni, musangopha akangaude onse a m'nyumba.

Kwa chinkhanira, yang'anani mbali ziwiri, zopanira ndi mchira. Chakuda chachikulu cha zopanira zonenepa ndi mchira wowonda chimagwira nyama yake ndi mphamvu, choncho poizoni wake ndi wofooka. Cha zopanira zowonda ndi mchira wonenepa chimadalira mbola. Mtundu wa Parabuthus, umene umapha anthu m'madera otentha ndi ouma a ku Zimbabwe ndi South Africa, ndi wotero. Timanja tosaoneka tija agogo anatiderera ndito tinali chenjezo.

Munthu akalumidwa ndi chinkhanira, tsukani malowo ndi sopo, ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, ndipo akhale pansi asayendeyende. Wamkulu akhoza kumwa mapilitsi awiri a panado a 500 mg. Wa mwana muyeso umatsata kulemera kwake. Musamange mwendo ndi mphira, musateme ndi lezala, musayamwe, musathirepo palafini, ndipo mowa ayi. Zonsezi sizichotsa poizoni, zimangowonjezera chilonda. Ngati n'kotheka jambulani chinkhaniracho pa foni, koma musataye nthawi kuchisaka mumdima.

Akuluakulu ambiri amangomva kuwawa koopsa ndi dzanzi, kenako zimatha. Komabe muwayang'anire usiku wonse, popeza zizindikiro zimatha kuchedwa maola angapo. Mwana, nkhalamba, kapena aliyense amene wayamba kuchucha dovu, kulephera kumeza, kunjenjemera, kulankhula mosamveka kapena kupuma movutikira, thamangani naye nthawi yomweyo, ndipo musamukakamize kudya kapena kumwa. Kwa mwana musadikire n'komwe zizindikirozo. Ku chipatala timabaya mankhwala ochititsa dzanzi pamene palumidwapo ndi kuyang'anira kapumidwe. Mankhwala othana ndi poizoniyo sapezeka paliponse, choncho tikanena kuti tikukutumizani ku chipatala chachikulu, musakane.